Uchi ndi khanda losakwana chaka: chimene chimachitika m'mimba mwa mwana

"Mwana wanga ali ndi miyezi 4. Anayamba kutsokomola usiku, ndiye apongozi anga, amene anabwera kuchokera kumudzi ku Mambwe ndi botolo la uchi, anamunyambititsa kasupuni kamodzi Loweruka, kena Lamlungu. Lachiwiri ku sikelo anamwino anandikalipira kuti uchi ungathe kupha mwana. Apongozi akuti ana awo onse anakula ndi uchi, ndipo uwu ndi weniweni wosasakaniza. Vuto lake n'chiyani? Nanga tikamauwiritsa? Mwana akuoneka bwino koma mtima wanga suli m'malo." Mayi wa ku Kapata, Chipata

Amayi, choyamba khazikani mtima pansi. Ana ambiri amene alawa uchi asanakwane chaka sadwala, ndipo ngati wanuyo akuyamwa mwamphamvu, akulira mokweza monga mwa masiku onse ndiponso akuchita chimbudzi, palibe chokuthamangitsirani kuchipatala usiku uno. Koma botolo lija lichoke pafupi ndi mwana lero lomwe, ndipo kwa mwezi wathunthu kuyambira Lamlungu lija mukhale tcheru ndi zizindikiro zimene ndifotokoze. Anamwino aja mwina analankhula mokalipa, koma zimene ananena n'zoona.

Matenda amene tikuopa amatchedwa botulizimu ya makanda. Amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Kolositiridiyamu botulinamu, amene amakhala m'dothi ndi m'fumbi pafupifupi kulikonse padziko. Zinthu zikamuvuta, kachilomboka kamadzitsekera m'kachikopa kolimba n'kugona, ndipo kakhoza kukhala choncho zaka zambiri osafa. Tinene kuti timeneti ndi timbewu take. Njuchi zikamayenda m'maluwa, pamadzi ndi pafumbi zimatola timbewu timeneti n'kukafika nato mumng'oma, ndipo tina timalowanso pofula ndi pofinya zisa. Muuchimo sitimera, chifukwa uchi uli ndi shuga wambiri koma madzi ochepa. Timangogona momwemo. N'chifukwa chake uchi wokhala ndi timbewuti sununkha, susintha mtundu, ndipo kukoma kwake n'komwe kuja.

Inu ndi ine timameza timbewu totere kawirikawiri, pa ndiwo zamasamba, pa mbatata, ngakhale m'fumbi la mwezi wa Okutobala, koma sitidwala. Chifukwa chake chili m'matumbo. Matumbo a munthu wamkulu, ngakhale a mwana amene wayamba kuyenda, ndi odzaza ndi mabakiteriya abwino amitundumitundu amene analanda kale malo onse ndi chakudya chonse. Kambewu kaja kakafika, kamasowa pomera ndipo kamatuluka ndi chimbudzi. Matumbo a khanda ali ngati munda wongolimidwa kumene mvula yoyamba itagwa: mbewu iliyonse yogwerapo, ya chimanga kapena ya udzu, imapeza malo. Kambewu kakafika m'matumbo aakulu a khanda, mmene mulibe mpweya, muli chinyezi ndi kufunda, kamadzuka, kamaswana, kenako kamayamba kutulutsa poizoni.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Poizoniyo sakhala m'botolo la uchi ayi. Amapangidwa m'mimba mwa mwana momwemo, pang'onopang'ono, patapita masiku uchi utamezedwa kale. Ndiye mwana sasanza kapena kutsegula m'mimba atangonyambita, monga zimakhalira munthu akadya chakudya chosasa. Agogo amaona mwana wagona bwino usiku umenewo n'kunena kuti mankhwala agwira ntchito.

Poizoni ameneyu ndi mmodzi mwa amphamvu kwambiri amene akudziwika. Akalowa m'magazi amakamata kumapeto kwa mitsempha, pamalo amene mtsempha umauza mnofu kuti ugwire ntchito. Ubongo umatumiza uthenga bwinobwino, koma uthengawo sufika ku mnofu. Mwana amafuna kuyamwa koma milomo ndi lilime sizikoka. Amafuna kulira koma mawu satuluka. Kufookako kumayambira kumutu, m'zikope, kumaso ndi kukhosi, n'kumatsikira ku manja, pachifuwa ndi kumiyendo. Kukafika pa minofu yopumira, mwana akhoza kusiya kupuma. Njira ina imene imapha ndi yakuti mkaka kapena malovu zimalowera kumapapo chifukwa mwana akulephera kumeza.

Tsopano za kuwiritsa. Sikuthandiza. Madzi owira pambaula safika kupitirira madigiri 100, ndipo kuno kwathu, poti ndi kumtunda, amawira asanafikenso pamenepo. Timbewu tija timapirira kutentha kotero kwa maola angapo. Kuti tife pamafunika madigiri 121 kwa mphindi zosachepera zitatu, m'chipangizo chotsekeka chopanikiza nthunzi monga zimene amagwiritsa ntchito m'mafakitale a zakudya za m'zitini. Choncho uchi wothira m'phala lotentha, m'tiyi, m'madzi ofunda a mandimu, kapena wophikira m'zitumbuwa, ngozi yake n'chimodzimodzi ndi wa pasupuni. Wa m'sitolo wokhala ndi chizindikiro chokongola nawonso sasiyana ndi wa m'mphepete mwa msewu wa ku Lusaka. Ofinya uchi m'mafakitale amautenthetsa pang'ono ndi kuusefa kuti uchedwe kuundana ndi kusasa, koma kutentha kumeneko sikufika pa mlingo wopha timbewuti.

Zakuti uchiwo ndi weniweni sindikutsutsa. Uchi wa kuchigwa cha Luangwa ndi wabwino, ndipo ine ndimadya. Koma kusasakaniza sikuteteza mwana, chifukwa timbewuti sitichokera kwa wogulitsa wachinyengo amene amathira shuga. Timachokera m'dothi, kudzera ku njuchi zenizenizo.

Apongozi anu akunena zoona kuti ana awo anakula. Si botolo lililonse limene limakhala ndi timbewuti, ndipo si khanda lililonse lomeza timbewuti limene limadwala. Matendawa ndi osowa. Madokotala anawazindikira ngati matenda apaokha mu 1976 ku Kalifoniya, m'dziko la Amereka, ndipo atafufuza anapeza kuti ena mwa ana odwalawo anali atapatsidwa uchi wokhala ndi timbewu ta mtundu womwewo umene unali m'chimbudzi chawo. Izi zikutanthauza kuti agogo athu sakanadziwa, ngakhale madokotala a nthawi yawo sankadziwa. Mwana akafooka n'kumwalira kumudzi, anthu ankatchula malungo, chibayo, liwombo kapena tsempho, ndipo palibe amene akanakumbukira kasupuni ka masabata awiri apitawo. Mu 2017 ku Tokyo, m'dziko la Japani, mwana wa miyezi 6 anamwalira ndi matendawa atakhala akupatsidwa uchi wosakaniza ndi madzi a zipatso ngati chakudya chomuyambitsira kudya. Kumeneko zipatala n'zapamwamba.

Ndinenenso kuti ana ambiri amene amadwala botulizimu sanalawepo uchi. Amameza timbewuti ndi fumbi. Fumbi ku Chipata simungalithawe. Uchi ndiwo gwero limodzi limene kholo likhoza kulitseka kotheratu popanda mwana kutaya kanthu, chifukwa m'uchi mulibe chakudya chimene khanda silingachipeze mu mkaka wa m'mawere. Nanga bwanji malire ali pa chaka? Ambiri mwa odwala amakhala osakwana miyezi 6, ndipo msinkhu wa mwana wanuwu ndi umene umagwidwa kwambiri. Mwana akayamba kudya zakudya zina, mabakiteriya a m'matumbo mwake amachuluka ndi kusintha, ndipo pofika miyezi 12 amakhala atakhwima mokwanira. Miyezi 12 yathunthu, osati kungoti mwana wayamba kukwawa kapena wamera mano.

Tibwere kwa mwana wanu. Anameza komaliza Lamlungu. Zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 30 kuchokera tsiku lomeza. Werengani masiku 30 kuyambira Lamlungu limenelo, mulembe tsikulo pa kapepala n'kuika m'kadi la sikelo, pamodzi ndi masiku amene anapatsidwa uchi ndi kuchuluka kwake. Tsikulo likadutsa mwana ali bwino, nkhani yatha. Palibe mankhwala omwetsa mwana amene sakudwala kuti atetezeke, ndipo palibe chifukwa chomusanzitsa kapena kumutsuka m'mimba. Pitirizani kuyamwitsa basi.

Chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi kudzimbidwa, mwana kukhala masiku atatu kapena kuposerapo osachita chimbudzi. Koma musathamangire kuopa, chifukwa mwana woyamwa bere lokha wa msinkhu umenewu akhoza kukhala masiku angapo osachita chimbudzi ali bwinobwino. Funso ndi lakuti, kodi zasintha poyerekeza ndi chizolowezi chake, ndipo kodi pali china chimene chatsagana nako? Ngati mwana amene ankachita tsiku ndi tsiku wangoima, mupite naye ku kiliniki akamuone, ndipo mukanene za uchi. Ngati wadzimbidwa ndipo kayamwidwe kasintha, musadikire kuti kuche.

Kayamwidwe ndiko kamene inu mayi mudzakazindikire msanga kuposa dokotala aliyense. Mwana amagwira bere koma sakoka, amasiya msanga, mkaka umatayikira m'mbali mwa kamwa, malovu amachuluka chifukwa sakumeza, ndipo inu mumamva mawere akulemera ngakhale mwana wangochoka kumene. Kulira kumakhala kotsika, kosasa, kwakanthawi kochepa. Zikope zimagwa moti mwana amaoneka watulo nthawi zonse. Nkhope imasalala, kumwetulira kumatha. Pa miyezi 4 mwana amakhala atayamba kulimbitsa khosi, ndiye pali njira yosavuta yoyesera m'mawa uliwonse: mugonekeni chagada, mugwire manja ake n'kumudzutsa pang'onopang'ono ngati mukumukhazika. Ngati sabata yatha mutu unkatsatira thupi koma lero ukugwera kumbuyo, chimenecho n'chizindikiro chachikulu. Mukamunyamula m'khwapa, mwana wofooka amaterereka m'manja, manja ndi miyendo zili lendelende.

Chimene chimanyenga n'chakuti thupi silitentha. Ife kuno tinazolowera kuti mwana wodwala ndi wotentha thupi, ndipo tikagwira pachipumi n'kupeza pozizira timati ali bwino, wangotopa. Botulizimu sibweretsa kutentha thupi pokhapokha chibayo chitalowererapo. Mwana salira usiku, savutitsa, amangogona, ndipo achibale amamuyamikira kuti wafatsa. M'zaka zimene ndakhala ndikuona ana odwala, amene amandiopsa kwambiri ndi khanda lachete limene lasiya kulimbana ndi bere, kaya chayambitsa n'chiyani.

Tiyerekeze mmene zingayendere. Sabata yoyamba palibe chilichonse. Chapakati pa sabata yachiwiri mwazindikira kuti thewera lakhala lopanda chimbudzi masiku atatu. Tsiku lotsatira mwana akuyamwa mphindi ziwiri n'kusiya, malaya anyowa ndi malovu. Madzulo ake mukumusambitsa, mutu ukugwera kumbuyo ndipo kulira sikukumveka kuchipinda china. Nthawi yonyamuka inali masana aja, pamene kayamwidwe kanasintha. Kuchokera pamenepa mpaka kulephera kupuma pakhoza kupita masiku angapo, koma nthawi zina maola okha. Inu muli m'tauni, ndiye pitani ku chipatala chachikulu cha Chipata, kapena ku kiliniki yapafupi ngati ingakutumizeni mwachangu. Amene ali ku Katete apite ku Senti Fransisi, a kufupi ndi malire apite ku Mwami. Panjira musamukakamize kuyamwa kapena kumuthira madzi m'kamwa ngati akutsamwa, ndipo mumunyamule m'manja mmene mungaone nkhope yake. Kumsana m'chitenje mutu ukhoza kugwera pachifuwa n'kutseka mpweya inu osadziwa.

Kunyumba pali zinthu ziwiri zimene ndimaona anthu akuchita mwana akadzimbidwa: kumuika kachidutswa ka sopo kumunsi, ndi kumumwetsa mankhwala azitsamba otsegula m'mimba. Zonsezi musachite. Sizichotsa poizoni, zimapweteka mwana, ndipo zimadya nthawi.

Mukafika kuchipatala, mawu oyamba akhale akuti, "Mwanayu anapatsidwa uchi pa tsiku lakutilakuti." Musachite manyazi ndipo musabise pofuna kuteteza apongozi. Khanda lofooka losayamwa likafika, wachipatala aliyense amayamba waganiza za malungo, matenda a m'magazi, matenda oumitsa khosi, kuchepa kwa shuga kapena kutha madzi m'thupi, ndipo n'koyenera chifukwa amenewa ndiwo ofala. Adzayeza zimenezi. Koma botulizimu sioneka pa kuyeza magazi kwa masiku onse, ndipo dokotala amaiganizira makamaka akamva mbiri ya mwana n'kuona mmene kufooka kwayendera. Pali chifukwa chinanso chachikulu. Jakisoni wa jentamayisini, amene amaperekedwa kawirikawiri kwa makanda oganiziridwa matenda a m'magazi, akhoza kuwonjezera kufooka kwa minofu mwa mwana wa botulizimu. Dokotala akadziwa za uchi akhoza kusankha mankhwala ena. Ngati botolo lilipo, litengeni.

Chithandizo chenicheni ndi kusunga mwana ali moyo mpaka mitsempha yake itachira yokha. Amamugoneka, amayang'anira kapumidwe usana ndi usiku, amamuchotsa malovu kukhosi, amamupatsa mkaka wanu wofinya kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, ndipo ngati minofu yopumira yafooka amamuika pa makina opumira. Izi zimatenga masabata, chifukwa mtsempha umene poizoni waugwira umafunika kuphuka nsonga zatsopano. Alipo mankhwala olimbana ndi poizoniyu opangidwira makanda, amene anavomerezedwa ku Amereka mu 2003. Amafupikitsa nthawi yogona m'chipatala kuchoka pa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi kufika pa osakwana atatu, koma ndi okwera mtengo zedi ndipo m'maiko ambiri sapezeka msanga. Poizoniyu sawononga ubongo, ndiye mwana amene wafika nthawi yabwino n'kuthandizidwa kupuma ndi kudya nthawi zambiri amachira kotheratu. Koma makina opumira a makanda sapezeka pa kiliniki iliyonse, ndipo kwa banja la ku Mambwe, ku Vubwi kapena ku Chama mtunda wokha ukhoza kulanda mwana. Ichi n'chimene chimandichititsa kuumirira nkhaniyi ngakhale matendawa ndi osowa.

Chifuwa chija nachonso chisaiwalike, poti ndicho chinabweretsa uchi. Kwa mwana wa miyezi 4 mankhwala ake ndi kuyamwitsa pafupipafupi, kumuchotsa pa utsi wa mbaula ndi wa fodya, ndi kudonthezera timadzi tamchere ta ku famase m'mphuno ngati zatseka. Mankhwala a chifuwa a m'botolo ogula nokha musamupatse. Akagona phee, werengani kapumidwe kwa mphindi imodzi yathunthu mukuyang'ana pamimba. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 12, kupuma ka 50 kapena kuposerapo ndi kupuma kothamanga. Kwa wosakwana miyezi 2 malire ndi ka 60. Mukaona zimenezi, kapena m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamakoka mpweya, kapena thupi latentha, mupite naye tsiku lomwelo chifukwa chikhoza kukhala chibayo.

Uchi umalowanso m'kamwa mwa khanda m'njira zina zimene anthu sawerengera. Ena amapaka m'nkhama mano akamamera, ena pa zilonda zoyera za m'kamwa, ena pa nsonga ya bere kuti mwana agwire, ena amanyambititsa khanda longobadwa kumene monga mwambo. Ena amasakaniza ndi mankhwala achikuda kuti kuwawa kuchepe, choncho funsani chimene chili m'kabotolo kalikonse kobwera ndi achibale. Kadontho kamodzi n'kokwanira, chifukwa timbewu tochepa timaswana tokha m'matumbo. Mwana akadzakwana miyezi 6 n'kuyamba phala, mulikometse ndi nsinjiro, nthochi yokanya, dzungu kapena mbatata yofiira mkati, osati uchi, ndipo shuga nayenso ndi bwino kumupewa mpaka zaka ziwiri.

Inuyo uchi umenewo idyani. Mayi woyamwitsa kapena woyembekezera akadya uchi sapatsira mwana matendawa, chifukwa timbewuti sitidutsa mu mkaka wa m'mawere. Mungosamba m'manja mukatha, ndipo supuni yanu isafike kwa mwana. Ana okulirapo a pakhomo nawo adye, koma muwauze kuti asamanyambititse mng'ono wawo chala, chifukwa ana amakonda kugawira khanda chilichonse chokoma.

Kwa apongozi, musapite ndi mawu akuti mwafuna kupha mwana. Anachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo pa mbali ina akudziwa zoona: kwa mwana woposa chaka chimodzi, theka la kasupuni ka tiyi kapena kasupuni kamodzi ka uchi pogona kamachepetsa kutsokomola kwa chimfine, ndipo achipatala timalangiza zimenezo. Auzeni kuti mankhwala awo ndi abwino koma m'mimba mwa mdzukulu simunakhwime, adikire akwane chaka. Ndi bwino mawuwa achokere kwa bambo a mwana, poti mayi amamva msanga za mwana wake kusiyana ndi za mpongozi. Ngati n'kotheka, tsiku la sikelo likubwerali mupite nawo limodzi akamve okha kwa anamwino. Muwaonetsenso kayesedwe ka khosi kaja ndi tsiku limene mwalemba m'kadi, chifukwa masana inu mukachokapo ndiwo amatsala ndi mwana, ndipo ayenera kudziwa kuti akaona mutu ukugwa kapena malovu akuchuluka akuimbireni foni nthawi yomweyo.